Chitsulo, poselini kapena zikoniya: dzino lanu mulivalike chisoti chanji?

Kwa ambiri a ife, nkhani ya dzino lowawa imathera pa kuzula. Mwapita kuchipatala, abaya jakisoni, azula, mwaluma thonje, basi mwabwerera kunyumba. Koma masiku ano m'tauni muno zipatala za mano zomwe si zaboma zikuchuluka, ndipo anthu ayamba kumva mawu ena: dzinoli likhoza kupulumuka, koma lifunika kirauni. Kenako dokotala kapena mlembi wa pakauntala amakutchulirani mitengo itatu, wa chitsulo, wa poselini ndi wa zikoniya, n'kukufunsani kuti musankha uti. Munthu uli ndi dzanzi tsaya lonse, ndalama zili zowerengeka, nde usankhe bwanji chinthu chomwe sunachionepo? Ambiri amangoloza wotsika mtengo, ena amaloza wokwera poganiza kuti chodula ndiye chabwino. Ndikufuna ndifotokoze kusiyana kwake kuti tsiku limenelo likakufikani mudzafunse mafunso oyenera.

Kirauni ndi chisoti cha dzino. Dzino likabooka kwambiri, likasweka, kapena akalichotsa mtsempha wa m'kati, limatsala lofooka ngati mphika wadothi womwe wang'aluka kale. Dokotala amalisema mozungulira ndi pamwamba kuti lichepe, amatenga chikombole chake, ndipo mmisiri wa kulabotale amapanga chisoti chofanana ndi dzino lenileni. Pamene mukudikira amakuikani chisoti chongoyembekezera cha pulasitiki. Chenichenicho chikabwera amachiyesa m'kamwa, n'kuchimata ndi simenti ya mano. Muzu ndi wanu womwe uja, chasintha ndi chovala cha pamwamba chokha.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri sauzidwa, koma kwa ine ndiyo yoyamba. Dzino likasemedwa silimeranso. Ndipo zipangizo zitatuzi sizidya dzino mofanana.

Chisoti cha chitsulo chokhachokha ndicho chimadya pang'ono. Chitsulo chimakhala cholimba ngakhale chitakhala chopyapyala, choncho dokotala amachotsa milimita imodzi kapena imodzi ndi theka pamwamba potafunira, ndipo m'mphepete, pafupi ndi usinini, theka la milimita limakwana. Zitsulo zake zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Pali zosakaniza ndi golide, ndipo pali zotsika mtengo zooneka ngati siliva, zomwe nthawi zambiri zimakhala kobati wosakaniza ndi kuromiyamu, kapena nikelo wosakaniza ndi kuromiyamu. Golide ndi amene madokotala akale ankamukonda, ndipo anali ndi zifukwa zomveka: amakhala bwino m'mphepete mwa dzino osasiya mpata, ndiponso amaperepeseka pang'onopang'ono mofanana ndi dzino lachibadwa, moti sawononga dzino lomwe akukumana nalo potafuna. Vuto lake mukulidziwa kale, mtengo wa golide umayendera msika wa dziko lonse. Chitsulo cha kobati ndi kuromiyamu n'chouma kwambiri kuposa golide, mmisiri amavutika nacho pochisalaza, komabe sichithyoka ndipo sichibenthuka. Chikati chithe, chimachita kubooka pamwamba patapita zaka zambiri.

Choipa cha chitsulo n'chimodzi chachikulu, maonekedwe. Mukaseka pa ukwati chimang'anima. Pa dzino lakumapeto kwenikweni, makamaka la m'mwamba, palibe angachione kupatula dokotala wanu. Pa dzino lakutsogolo ndi nkhani ina, ngakhale alipo anyamata ena omwe dzino lagolide amalifuna dala. Choipa chachiwiri n'chaching'ono koma muchidziwe. Pali anthu omwe thupi lawo silimvana ndi nikelo, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Ngati ndolo zotchipa za pamsika zimakutupitsani makutu, kapena chitsulo cha lamba kaya cha wotchi chimakusiyirani zidzolo, muuzeni dokotala asanaitanitse chisoti. Nikelo m'kamwa mwa munthu wotere akhoza kufiiritsa usinini mozungulira dzinolo. Njira yake n'njosavuta, amangosankha chitsulo chopanda nikelo.

Tsopano mawu akuti poselini ndi amene amasokoneza anthu, chifukwa amatchulira zinthu ziwiri zosiyana. Poselini ndi mtundu umodzi ndi zija amapangira makapu ndi mbale zoyera zosweka, kungoti ya mano ndi yoyengedwa bwino. Imawala ngati dzino, kuwala kumalowa m'kati mwake pang'ono ngati momwe kumalowera m'dzino lenileni, ndipo siisintha mtundu ndi tiyi kapena fodya msanga. Koma payokha ndi yosachedwa kusweka. Pofuna kuthana ndi zimenezi, akatswiri anapeza njira yoiwotchera pamwamba pa kachipewa kachitsulo, ndipo njira imeneyi yakhala ikugwira ntchito kuyambira zaka za m'ma 1960. Chitsulo chimakhala m'kati kupereka mphamvu, poselini kunja kupereka maonekedwe. Pa zipatala zambiri akangoti poselini osawonjezera mawu ena, nthawi zambiri amatanthauza chimenechi. Funsani kuti, “Kodi m'kati mwake muli chitsulo?” Yankho lake likuuzani zambiri.

Chisoti cha chitsulo chokutidwa ndi poselini chili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiri yake ndi yabwino. Kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira za odwala ambiri amasonyeza kuti pa zisoti 100 zotere, pafupifupi 95 zimakhala zikadali m'kamwa patatha zaka zisanu. Koma taganizani, mwaika zinthu ziwiri, china pamwamba pa chinzake, ndiye malo ake ayenera kukhala aakulu. Pamafunika kachitsulo, kenako utoto wobisa chitsulocho, kenako poselini yeniyeniyo. Dokotala amachotsa milimita imodzi ndi theka mpaka awiri pamwamba, ndi kupitirira milimita imodzi kumbali yoonekera kunja. Pa dzino lomwe mtsempha wake ukadali wamoyo, makamaka la wachinyamata lomwe mtsempha wake ndi waukulu, kusema kotere kumayandikira mtsemphawo, ndipo nthawi zina dzino limayamba kuwawa pambuyo pake mpaka kufunika kuuchotsa.

Chimawonongeka m'njira ziwiri zodziwika. Yoyamba, poselini imabenthuka n'kusiya chitsulo poyera. Mumamva ngati mwaluma mchenga mu mpunga, lilime n'kuyamba kupeza pakuthwa. Chisoticho chimakhalabe chikugwira, kungoti chanyansa ndipo chikukanda. Yachiwiri imabwera mwakachetechete. Munthu akamakula usinini umabwerera m'mbuyo pang'ono, ndiye m'mphepete mwa chitsulo mumayamba kuoneka ngati kamzere kakuda pakhosi pa dzino. Mukaona munthu ali ndi dzino limodzi lakutsogolo loyera bwino koma lili ndi mzere wotuwa m'munsi mwa usinini, kawirikawiri ndi chimenechi. Si matenda ayi, koma kwa yemwe analipira ndalama zake kuti aziseka momasuka, zimamuwawa.

Poselini ya mtundu wachiwiri ilibe chitsulo m'kati. Yofala masiku ano ndi yagalasi lolimbitsidwa, yomwe dzina lake la sayansi ndi lithiyamu disilikete, ndipo m'zipatala mumva akuitchula ndi dzina la malonda lakuti imakisi. Pa maonekedwe iyi ndiye mfumu. Mmisiri waluso akaipanga bwino, ngakhale akazi anu sangaloze dzino lomwe lavala chisoti. Mphamvu yake yambiri imachokera pa kumatidwa: dokotala amaikanda m'kati ndi asidi wapadera, n'kuimata ku dzino ndi simenti yokhala ngati guluu, kotero kuti chisoti ndi dzino zimakhala ngati chinthu chimodzi. Kumata kotereku kumafuna malo ouma, opanda malovu kapena magazi. Ngati dzino lanu lasweka mpaka kulowa pansi pa usinini, pomwe kuumitsa n'kovuta, ubwino wake umachepa.

Zikoniya ndiye mlendo pa zitatuzi, inafala m'zipatala za mano kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndi yoyera, ilibe chitsulo chong'anima, ndipo ili m'gulu la zoumba zowotcha ngati poselini, koma kapangidwe kake n'kosiyana. Mmisiri saiumba ndi manja. Chithunzi cha dzino chimalowetsedwa mu kompyuta, makina amasema chisoti kuchokera pa chibuma cha zikoniya chomwe chikadali chofewa ngati choko, ndipo amachisema chachikulu dala. Kenako amachiwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 1,500, ndipo chimafota ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena anayi mpaka kufika pa msinkhu weniweni. Makina amenewa, uvuni umenewu ndi zibumazo zonse n'zochokera kunja, ndipo apa ndi pomwe mtengo wake umayambira.

Tiyerekeze mphamvu ndi manambala ochepa. Akatswiri amayesa kuti chinthu chimapirira kupindidwa kufika pati chisanathyoke, pa muyeso wotchedwa megapasikalo. Poselini wamba, ija amakutira pa chitsulo, imakhala cha m'ma 100. Yagalasi lolimbitsidwa ija imakhala cha m'ma 400. Zikoniya yolimba kwambiri imafika cha m'ma 1,000 kapena kupitirira. Chitsulo sitichiika pa mndandanda umenewu chifukwa icho chikapanikizidwa chimapindika, sichisweka, ndipo m'kamwa umenewo ndi mwayi waukulu. Kumbukirani kuti mano akumapeto a munthu wamkulu akaluma mwamphamvu amatha kupanikiza ndi mphamvu yofanana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, ena kuposa pamenepo, ndipo mphamvu yonseyo imagwera pa kamalo kakang'ono.

Koma pali kachinsinsi komwe otsatsa malonda sakonda kukanena. Zikoniya si imodzi. Yolimba ya m'ma 1,000 ija ndi yoyera mopitirira, kuwala sikulowa m'kati mwake, imaoneka ngati choko kapena batani la malaya. Opanga ataona zimenezi anatulutsa ina yolola kuwala kulowa, yooneka bwino pa mano akutsogolo, koma mphamvu yake imatsika kufika cha m'ma 600 kapena 700. Kukongola kukamakwera, mphamvu imatsika. Palinso njira yachitatu, pomwe amatenga kachipewa ka zikoniya yolimba n'kukakuta ndi poselini wamba pamwamba kuti kaoneke bwino. Chisoti chotere dzina lake ndi zikoniya ndithu, mtengo wake ndi wa zikoniya, koma chomwe chikutafuna chakudya ndi poselini ya m'ma 100 ija, ndipo kubenthuka kwa poselini pa zisoti zotere linali dandaulo lodziwika kwambiri pamene zinkayamba kumene. Choncho munthu akakuuzani kuti zikoniya siisweka, mufunseni kuti iti? Yokhayokha kuyambira pansi mpaka pamwamba, kapena yokutidwa?

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tichitsate mpaka kumapeto. Tiyerekeze bambo wa zaka 45, dzino lake lotafunira la m'munsi, lachisanu ndi chimodzi kuchokera pakati, linabooka mpaka kufika pa mtsempha. Dokotala wachotsa mtsempha, wadzaza mizu, ekisireyi ikuonetsa kuti kunsi kwa mizu kulibe mafinya. Khoma limodzi la dzinolo linagumuka, atatu atsala. Bamboyu amakonda nzimbe ndi chimanga chokazinga, ndipo akazi awo amadandaula kuti usiku amakukuta mano. Mukayang'ana mano awo ena, nsonga zake zaphwatalala.

Chinthu choyamba chomwe dokotala wabwino ayang'ane si mtundu wa chisoti, koma chomwe chatsala cha dzino. Pamafunika khoma la dzino lenileni lotalika milimita imodzi ndi theka kapena awiri pamwamba pa usinini, lozungulira dzino, loti chisoti chiligwire ngati momwe mkombero wachitsulo umagwirira mpini kuti usang'aluke. Khomali likasowa, chisoti chimakhala chikugwira zomatira zokhazokha, ndipo tsiku lina chimazuka pamodzi ndi zonse za m'kati, kapena muzu umang'aluka. Zikatero ngakhale chikhale chagolide, ndalama zapita. Kwa bambo wathuyu tinene kuti khoma lilipo, mbali yogumukayo aimanga ndi zomatira.

Chachiwiri ndi malo. Mano a munthu wokukuta amakhala aafupi chifukwa anaperepeseka. Tinene kuti dzino la bamboyu latsala mamilimita asanu kuchokera pa usinini. Akasankha chitsulo chokutidwa ndi poselini, achotsa awiri, patsala atatu. Dzino lotafunira limafuna chitsa cha mamilimita pafupifupi anayi kuti chisoti chigwire bwino. Chitsa chachifupi chili ngati chipewa chovala pamutu wometa kunja kuli mphepo, chimangovuka. Dokotala akaopa zimenezi n'kusema pang'ono, mmisiri amakakamizika kuika poselini yopyapyala, ndipo nzimbe yoyamba ikhoza kuibenthula. Akasankha chitsulo chokha, achotsa milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, chitsa chitsala pafupifupi anayi. Zikoniya yolimba yosakutidwa nayonso imakwana pa milimita imodzi kufika imodzi ndi theka. Ndiye mukuona kuti pa dzino ili, mpikisano weniweni uli pakati pa chitsulo chokha ndi zikoniya yosakutidwa. Poselini, ya mtundu uliwonse, yatsalira m'mbuyo, osati chifukwa ndi yoipa, koma chifukwa m'kamwa muno simoyenera.

Chachitatu ndi dzino la m'mwamba lomwe lizikumana ndi chisoticho tsiku ndi tsiku. Anthu amaganiza kuti chinthu cholimba kwambiri ndicho chimadya dzino linzake. Chimene chimadya kwenikweni ndi kukhakhala. Poselini ikatha kuwala kwake kwa pamwamba imakhala ngati sandipepala, ndipo kwa wokukuta mano imadya dzino la m'mwamba chaka ndi chaka. Zikoniya yosalazidwa bwino, ngakhale ndi yolimba kuposa poselini, imadya dzino linzake pang'ono. Koma mawu akuti yosalazidwa bwino muwagwire. Pa tsiku loika, dokotala amakulumitsani kapepala ka utoto, n'kupala pomwe chisoti chatalika. Akapala ayenera kusalazanso mpaka pawale. Akangopala n'kumata, mwapita kunyumba ndi tupa m'kamwa. Yendetsani lilime pamwamba pake musanadzuke pampando, ndipo mukamva kukhakhala nenani pomwepo.

Nde bamboyu asankhe chiyani? Dzino lachisanu ndi chimodzi la m'munsi limaoneka munthu akayasamula kapena akaseka kwambiri. Ngati zimenezo sizikuwavuta, ine ndingawauze kuti atenge chitsulo, ndalama zotsalazo agulire kachipangizo kapulasitiki kovala usiku koteteza mano pokukuta, chifukwa kameneko kateteza mano onse, osati limodzi lokha. Ngati ntchito yawo ndi yoima pamaso pa anthu, kaya ndi aphunzitsi kaya amatsogolera kwaya, ndipo chitsulo chiwachititsa manyazi, zikoniya yolimba yosakutidwa ndiyo yoyenera, ndipo ndalama zowonjezerazo sizinatayike. Palinso kanthu kena koganizira. Mizu yomwe inachotsedwa mtsempha nthawi zina imadzayambanso kuvuta, dokotala n'kufuna kuboola chisoti kuti alowenso m'kati. Chitsulo amachiboola n'kutsekanso. Zikoniya imabooleka movutikira, imadya zoboolera, ndipo kuichotsa yonse ndi ntchito yotuluka nayo thukuta. Ichi n'chifukwa chake ndi nzeru kutsimikiza kuti mizu yachira musanamate chisoti chodula.

Dzino lakutsogolo limatembenuza zonsezi. Tinene mtsikana wagwa pa kabaza, dzino lapakati la m'mwamba lathyoka theka. Mano akutsogolo sanyamula katundu wolemera ngati akumapeto, koma aliyense amawaona. Kufananitsa dzino limodzi lakutsogolo ndi linzake loyandikana nalo ndi ntchito yovuta kuposa zonse kwa mmisiri. Ngati chitsa chotsalacho ndi choyera bwino, poselini yagalasi ija ndiyo imapambana. Koma ngati dzinolo linafa n'kuda, kapena muli kachitsulo kolimbitsira mu muzu, kulola kuwala kuja kumasanduka vuto, chifukwa kuda kwa m'kati kumaonekera kunja ngati chovala chamkati chakuda pansi pa diresi yoyera. Pamenepo pamafunika chobisa, ndiye zikoniya yokutidwa ndi poselini kapena chitsulo chokutidwa ndi poselini zimagwira bwino ntchito. Ndiwonjezere kuti amene anakulira m'madera omwe madzi a m'mijigo ali ndi fuloraidi wochuluka, monga mbali zina za Nathenje, mano awo amakhala ndi mawanga oyera kapena ofiirira. Chisoti choyera mbee pakati pa mano otere chimaonekera patali. Sankhani mtundu poyerekeza ndi mano anu, pa kuwala kwa dzuwa pafupi ndi zenera, osati poyerekeza ndi mano a pa kalendala ya pakhoma. Ndipo ngati mukuganiza zoyeretsa mano ndi mankhwala, yambani kuyeretsako, chifukwa chisoti sichiyera ndi mankhwala amenewo.

Pa nkhani ya ndalama, mitengo ya zinthuzi imayenda ndi dola, ndiye ya mwezi uno si ya mwezi wamawa. Chomwe sichisinthasintha kwambiri ndi ndondomeko yake. Chitsulo wamba chimakhala pansi, chitsulo chokutidwa ndi poselini pakati, zikoniya ndi poselini yagalasi pamwamba, ndipo golide amakhala payekha malinga ndi kulemera kwake. Mbali yaikulu ya kusiyanaku ndi ndalama ya kulabotale. Chipatala chikamatumiza ntchito kutali, kaya ku mzinda wina kaya kunja kwa dziko, mtengo umakwera, masiku odikira amachuluka, ndipo chisoti chikabwera chosakwana bwino kuchibweza ndi ulendo winanso. Funsani kuti chikapangidwira kuti, ndipo chikapanda kukwana alipira kupanganso ndani.

Mtengo womwe akutchulirani pakauntala nthawi zambiri ndi wa chisoti chokha. Kuchotsa mtsempha, kumanganso khoma logumuka, ekisireyi ndi chisoti chongoyembekezera zikhoza kukhala ndi mitengo yakeyake. Pemphani kuti akulembereni zonse pa pepala limodzi asanayambe kusema, chifukwa dzino likasemedwa simungasinthenso maganizo n'kupita kwanu. Amene muli pa sikimu ya zachipatala ngati MASM, funsani kaye ku ofesi yawo ngati gawo lomwe mulipo limalipira zisoti, limalipira mpaka pati, ndiponso ngati pamafunika chilolezo ntchito isanayambe. Ndipo powerengera, musaone za lero zokha. Chisoti chotchipa chomwe chabenthuka patatha zaka zitatu n'kupangidwanso chimadya ndalama kawiri, ndipo ulendo uliwonse wochichotsa dzino limachepa. Komanso musaganize kuti chodula ndiye chokhalitsa. Pa dzino lakumapeto, chotsika mtengo pa zonse, chitsulo, ndi chimodzi mwa zokhalitsa kwambiri.

Kunena zoona, zisoti zambiri sizifa chifukwa chosweka. Zimafa chifukwa dzino lawola pansi pake. Chitsulo sichiwola, zikoniya siiwola, koma pamzere pomwe chisoti chimakumana ndi dzino ndi pomwe tizilombo timalowera. Pakakhala kampata, simenti imasungunuka pang'onopang'ono, zakudya zimalowa, ndipo ngati mtsempha unachotsedwa simumva kuwawa kulikonse mpaka tsiku lomwe chisoti chidzagwere mu nsima. Apa luso la dokotala ndi mmisiri limaposa dzina la chipangizo. Chisoti cha chitsulo wamba chokhala bwino m'mphepete chimaposa zikoniya yodula yosiya mpata. Onetsetsaninso kuti amene akukusemani dzino ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira madokotala m'dziko muno, ndipo kufunsa zimenezi si mwano ayi.

Pali zomwe inu nokha mungaone pa tsiku loyesa, simenti isanaikidwe. Mukaluma, mano onse akumane nthawi imodzi monga kale. Mukamva kuti chisoti chikuyamba kugunda chokha, chatalika, ndipo musalole mawu akuti muzolowera, chifukwa chisoti chotalika chimapweteketsa dzino potafuna ndiponso chimabenthula poselini. Ulusi wotsukira pakati pa mano uzilowa mokakamira pang'ono n'kumveka kuti thapu. Ukangodutsa osagunda kanthu, pali mpata, ndipo nyama iliyonse yomwe mudye izikakamira pamenepo mpaka usinini kutupa. Ukakana kulowa kapena ukamaduka, chathina kapena m'mphepete muli pokola. Pemphani kalilole muone mtundu wake muli chikhalire, osati chigonere pansi pa nyale ya dokotala. Akamata, kusintha mtundu kumatanthauza kudula chisoticho n'kuyambiranso.

Mukapita kunyumba, kumva kuzizira kapena kutentha kwa masiku angapo pa dzino lamoyo si zachilendo, ndipo kumayenera kumachepa. Kuwawa kogunda komwe kukukulepheretsani tulo, fungo kapena kakomedwe koipa kochokera pa dzino limodzilo, usinini wotuluka magazi pamalo amodzimodzi sabata ndi sabata, kapena chisoti chomwe chikugwedera mukachikankha ndi lilime, zonsezi ndi zobwerera nazo kuchipatala msanga. Chikavuka chonse, chitsukeni, chisungeni m'kabotolo, mupite nacho kwa dokotala m'masiku ochepa, chifukwa mano oyandikana nalo amayamba kusendera ndipo mukachedwa sichikwananso. Nthawi zambiri ngati chitsa chili bwino amangochimatanso pa mtengo wochepa. Chomwe musayese n'komwe ndi supagulu wa pa okala. Amawotcha usinini, amatsekera zonyansa m'kati, chisoti chimakhala mopendekeka, ndipo dokotala pochichotsa amachita kuchidula.